Mawu operekeza chithunzi cha tsiku lotcha mwana dzina: mafunso ndi mayankho

Mwana akatuluka m'chikuta, kapena akabwera naye kuchokera kutchalitchi kapena kwa shehe, pamakhala wina amene amapatsidwa foni n'kuuzidwa kuti, "Inu mumatha kulemba, talembani kenakake tiuze anthu dzina." Mafunso ali pansiwa ndi amene anthu opatsidwa ntchitoyi amafunsa kawirikawiri, kuyambira osavuta mpaka aja ofunika kuwaganizira usiku wonse.

Kodi mawu operekeza chithunzi, aja ena amati kapishoni, ayenera kukhala ndi chiyani?

Zinthu zitatu zimakwanira: dzina la mwana, amene watcha dzinalo, ndi chifukwa chimene chachititsa kuti litchedwe. Dzina libwere m'chiganizo choyamba, chifukwa ndi limene aliyense akuliyembekezera. Anthu ambiri amayamba ndi kuthokoza Mulungu, madokotala, anamwino ndi onse amene anawayendera, ndipo dzina limadzapezeka pa mzere wachisanu ndi chimodzi owerenga atadutsa kale. Kuthokoza n'kofunika, koma kubwere dzina litamveka.

Nditumize liti?

Mwambo utatha, osati usanayambe. Kwa ife ambiri mwana satchedwa dzina tsiku lobadwa. Amakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, zimene zimatenga sabata imodzi kapena awiri, kenako amamutulutsa, ena amamumeta tsitsi, ndipo wopatsidwa udindo amatchula dzina. Asilamu amachita akika pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Masiku ano mabanja ambiri amakhala atagwirizana kale dzina mayi ali kuchipatala, komabe pamakhala nthawi imene dzinalo limatchulidwa pamaso pa abale, ndipo nthawi imeneyo ndi yoyenera kuidikira.

Chinthu china musanatumize: imbirani foni agogo a mbali zonse ziwiri. Palibe chimene chimapweteka apongozi ngati kumva dzina la mdzukulu wawo kuchokera kwa mwana wa neba amene waliona pa sitetasi ya WhatsApp. Mkwiyo wotere umakhala zaka, ndipo umatuluka pa nkhani zina zosagwirizana n'komwe ndi dzinalo.

Dzina la mwana wathu ndi la Chichewa, aliyense akulimva. Ndifotokozenso chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukalemba kuti "Chisomo, kutanthauza chisomo cha Mulungu", simunauze Mmalawi kapena munthu wa ku Chipata chilichonse chimene sankachidziwa. Tanthauzo la mawu lili poyera. Chimene owerenga sakuchidziwa ndi chifukwa chake inuyo, chaka chino, m'banja lanulo, mwasankha dzina limenelo pakati pa maina onse.

Maina athu ambiri ndi ziganizo zathunthu, ndipo chiganizo chimakhala ndi wolankhula ndi womvera. Mukazindikira amene akulankhula m'dzinamo komanso amene akuuzidwa, mwapeza kale zolemba.

Maina oyamba ndi Ta-, monga Tadala, Takondwa ndi Talandira, ndi banja lonse likunena zimene zachitika kale. Funso loti muyankhe ndi lakuti: tadala ndi chiyani, talandira pambuyo pa chiyani? Maina onga Tiyamike ndi Tithokoze akuitana, akuti tiyeni tichite pamodzi, choncho mawu anu anene amene akuitanidwa ndi chimene akuyamikira. Maina othera ndi -ni, monga Yamikani, Limbikani, Pilirani, Kumbukani ndi Ganizani, akulamula kapena kulangiza, ndipo kawirikawiri wolangizidwayo si mwana ayi. Agogo akatcha mdzukulu kuti Pilirani amakhala akulankhula ndi makolo a mwanayo, kapena ndi mudzi wonse. Mu Alinafe ndi Atikonda, amene akunenedwayo ndi Mulungu. Mu Mtisunge banja likulankhula ndi Mulungu mwachindunji, ndi pemphero. Ndipo maina onga Mphatso, Yankho, Pempho, Chikondi ndi Chiyembekezo amangotchula chinthu, n'kukusiyirani inuyo kunena kuti yankho la funso liti, mphatso yochokera kwa yani.

Choncho musanalembe, pitani kwa amene watcha dzina mukamufunse kuti, "Agogo, potchula dzinali mumalankhula ndi yani?" Zimene angakuyankheni nthawi zambiri zimakhala zokoma kuposa chilichonse chimene mukanapeka nokha.

Mungandionetse chitsanzo, kuyambira poyambira mpaka pomaliza?

Tiyerekeze kuti mwana ndi wamkazi, woyamba kubadwa m'banjamo. Mayi anavutika pobereka mpaka anachitidwa opaleshoni usiku, ndipo abale anagona pakhonde la chipatala. Mchombo utagwa, agogo aakazi a kuchimuna anamunyamula n'kumutcha Tiyamike. Wolemba ndi bambo wa mwana.

Zoyamba kulemba zimatuluka chonchi kawirikawiri: "Mulungu ndi wabwino nthawi zonse. Tikuthokoza onse amene munatipempherera. Takulandira mwana wathu wokongola, mngelo wathu, dalitso lathu. Dzina lake ndi Tiyamike kutanthauza kuti tiyamike Mulungu." Palibe bodza m'mawu amenewa, koma mungachotsemo Tiyamike n'kuikamo Madalitso kapena Chimwemwe, ndipo palibe chingasinthe. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mawu sanafike pa mwana ameneyu.

Bamboyo akafunsa mayi ake, agogo amene atcha dzinawo, iwo akuti: "Usiku uja tonse tinali kupempha. Tsopano tapatsidwa, ndiye tisangobalalika ngati sitinapemphe." Apa zonse zapezeka. Wolankhula ndi agogo, omvera ndi onse amene anadikira usiku uja, ndipo chifukwa ndi chakuti mayi ndi mwana anatuluka amoyo. Mawu ake angakhale otere:

"Dzina lake ndi Tiyamike. Amutcha ndi agogo ake aakazi lero m'mawa potuluka m'chikuta. Akuti usiku umene anabadwa tonse tinali kupempha, ndipo tsopano poti mayi ndi mwana ali bwino, tisabalalike tisanayamike. Inu nonse amene munadikira nafe, dzinali likuitana inunso."

Onani zimene zasiyidwa. Opaleshoni sinatchulidwe, dzina la chipatala mulibe, ndipo mawu oti mngelo ndi dalitso achoka. Amene analipo akudziwa usiku umene ukunenedwa, amene kunalibe amva kuti panali nkhawa ndipo yatha. Ngati mayi akufuna kuti za opaleshoni zinenedwe, anene yekha pa tsamba lake, nthawi imene wafuna.

Atalike bwanji?

Ziganizo zitatu mpaka zisanu. Instagram imalola zilembo 2,200, koma imaonetsa mizere yoyambirira yokha, ndipo pa Facebook mawu aatali amadulidwa n'kubisika kuseri kwa See more. Pa sitetasi ya WhatsApp mawu ochuluka amaphimba chithunzi, ndiponso sitetasi imazimirira pakatha maola 24. Ngati nkhani ya dzina ndi yaitali, ikani chiganizo chimodzi pa sitetasi, zonsezo mukazinene pa gulu la banja.

Kodi n'koyenera kutchula amene watcha dzina?

Inde, ndipo ine ndimaona kuti ndi ulemu umene suyenera kudumphidwa. Kutcha dzina ndi udindo. M'mabanja ambiri mwana woyamba amatchedwa ndi akuchimuna, wotsatira ndi akuchikazi, ndipo wotchayo sabwera chimanjamanja: amapereka ndalama, nsalu, sopo kapena nkhuku, ndipo kuyambira pamenepo amakhala ndi diso lapadera pa mwanayo. Mukalemba kuti "tamutcha" pamene anatcha ndi azakhali, mwawalanda chinthu chawo pamaso pa anthu.

Atchuleni ndi ubale, monga momwe mwana adzawaitanire: agogo ake, azakhali ake, amalume ake. Dzina lawo lenileni silifunika, makamaka ngati wolemba ndinu mkamwini kapena mtengwa, chifukwa kutchula apongozi ndi dzina pagulu kumamveka mwano. Ngati mukufuna kuwalemekeza kwambiri gwiritsani mfunda, monga a Phiri, a Nabanda kapena a Nambewe. Mphatso imene apereka musaitchule kuchuluka kwake. Zimenezo zimangoyambitsa mpikisano pakati pa mbali ziwiri za banja.

Mwana wapatsidwa maina atatu: la kuchimuna, la kuchikazi ndi lathu makolo. Ndifotokoze onse?

Tchulani onse, dzina lililonse ndi mwini wake, koma fotokozani mozama limodzi lokha, lomwe mwana adzaitanidwe nalo tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo: "Agogo ake a kuchimuna amutcha Kumbukani, a kuchikazi amutcha Mayamiko, ife makolo tikumuitana Yankho, chifukwa tinamupempha nthawi yaitali." Kusiyako limodzi kumamveka ngati mwakana mbali imodzi ya banja. Ndondomeko yake tsatirani mwambo wa kwanu, kapena momwe mainawo adzalembedwere pa chiphaso chobadwira.

Kwa mapasa, maina amakhala oyankhana, monga Yamikani ndi Tamandani, kapena Chikondi ndi Chifundo. Nenani amene anayamba kubadwa, ndipo pa chithunzi sonyezani wa kumanja ndi wa kumanzere, chifukwa limenelo ndi funso loyamba limene mudzafunsidwe.

Agogo atcha dzina lolemera, monga Mavuto, Ndaziona kapena Mwandida. Ndilembe bwanji?

Maina otere ali mitundu iwiri, ndipo muyenera kudziwa kuti lanu lili mbali iti. Ena amasunga mbiri: Mavuto, Masautso kapena Chisoni amatchedwa mwana akabadwa nthawi ya njala, ya matenda, kapena maliro atangochitika pamudzi. Palinso makolo amene, ataika ana angapo m'manda, ankatcha dzina looneka lonyoza kapena lotaya mtima posafuna kuonetsa chimwemwe msanga. Dzina lotere silitemberera mwana. Likunena zimene banja lawoloka. Mungathe kulemba kuti: "Agogo ake amutcha Ndaziona. Akuti m'moyo wawo aona zambiri, zowawa ndi zokoma, ndipo akondwa kuti maso awo aonanso uyu." Koma izi mulembe pokhapokha ngati agogowo anenadi zotero. Musawaikire mawu m'kamwa pofuna kukometsa dzina.

Mtundu wachiwiri ndi maina olasa munthu wina: Mwandida, Mwatitha, Nenani, Sekani, Lekani. Awa amayankha apabanja, aneba kapena aliyense amene ankanena mayi wa mwana. Pamudzi aliyense amadziwa wolasidwayo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Pa Facebook siithera pomwepo. Mawu onga "amene munkatinena mwaona" amaitana ndemanga, anthu amajambula n'kutumizirana, ndipo mwanayo akadzafika zaka 15 adzapeza kuti tsiku lake loyamba kuonekera kwa anthu linali bwalo la mkangano. Langizo langa ndi lakuti tchulani dzinalo ndi amene walitcha, basi, osalifotokoza, ndipo tanthauzo mulifotokoze pa dzina lachiwiri. Ngati dzinalo likukuvutitsani inu makolo, malo okambirana ndi m'nyumba ndi ankhoswe kapena amalume, chithunzi chisanatuluke.

Tinadikira zaka zambiri, tinapitanso padera. Dzina likuchokera pamenepo. Ndinene zingati?

Nenani zochepa kuposa zimene mtima ukufuna kunena tsiku limenelo. Chimwemwe chimamasula lilime, koma zolembedwa zimakhalapobe chimwemwe chitakhazikika. Nkhani ya kupita padera, ya mwana amene anamwalira, kapena ya kusowa mphatso ya mwana ndi ya anthu awiri, ndipo mwini wake woyamba ndi mayi. Bambo, azakhali kapena mnzake wa mayi asailembe popanda kumuwerengera mawuwo ndi kumva kuti wavomera.

Chichewa chili ndi njira zonenera popanda kuvula munthu. "Tinadikira", "njira inali yaitali", "misozi yapukutidwa", "wabwera kudzatitonthoza", zonsezi zimamveka kwa wodziwa ndipo sizipatsa mlendo chonyamula. Maina onga Chitonthozo, Yankho, Pemphero ndi Chiyembekezo amanena okha theka la nkhaniyo. Kumbukiraninso kuti pakati pa owerenga pali ena amene akudikirabe. Mawu oti "Mulungu amayankha amene amapemphera moona" amawauza kuti iwo sapemphera moona. Nenani za yankho lanu, osaika lamulo pa anzanu.

Mwana watchedwa dzina la agogo amene anatisiya. Tanthauzo lake ndi liti pamenepa?

Tanthauzo ndi munthuyo. Ngakhale dzinalo litakhala lachizungu losadziwika chiyambi chake, simufunika kulifufuza. Nenani kuti anali yani kwa mwanayu, ndi chinthu chimodzi chenicheni chimene ankadziwika nacho: kuti pakhomo pawo mlendo sankachoka osadya, kuti ankaimba kwaya mpaka ukalamba, kuti anaphunzitsa ana a abale awo onse. Chinthu chimodzi chooneka chimaposa mawu asanu oyamikira. Musasandutse mawuwo kukhala uthenga wa maliro. Chiganizo chimodzi cha agogo, kenako bwererani kwa mwana. Zomwezi zigwiranso pa maina a Chikumbutso ndi Kumbukani.

Dzina ndi la Chitumbuka, Chiyao kapena Chingonde. Nanga pamenepa?

Pamenepa kumasulira kumafunikadi, chifukwa si onse angamve. Tiwonge ndi Tiyamike wa Chitumbuka, Wongani ndi Thokozani, Tawonga ndi Tathokoza, Lusungu ndi chifundo, Vitumbiko ndi madalitso, Wanangwa ndi ufulu. Upile m'Chiyao ndi mwayi. Lusekelo m'Chingonde ndi chimwemwe, ndipo Atupele akuti watipatsa. Lembani tanthauzo m'mawu awiri kapena atatu, kenako chitani zomwe tanena pa funso lachitatu: wolankhula ndi yani, chifukwa n'chiyani.

Tanthauzo mulifunse kwa mwini chilankhulo m'banjamo. Masamba a pa intaneti osonkhanitsa maina a ana amasakaniza zilankhulo za mu Afirika ngati n'chimodzi, ndipo dzina lomveka mofanana likhoza kutanthauza zina kwina. Ngati mwana ndi wa makolo a mitundu iwiri, kapena wabadwira ku Joni kapena ku Mangalande, n'kwabwino kulemba m'zilankhulo ziwiri, koma dzinalo musalimasulire n'kuyamba kumuitana mwana ndi kumasulirako.

Nanga dzina la m'Baibulo kapena la Chisilamu?

Maina ambiri a m'Baibulo ali ndi nkhani ya katchedwe kawo m'Baibulo momwemo, ndipo imeneyo ndi yodalirika kuposa zomva. Hana anatcha mwana wake Samueli ponena kuti anamupempha kwa Yehova, pa 1 Samueli 1:20. Dzina la Isake likugwirizana ndi kuseka kwa Sara, pa Genesis 21:6. Emanueli afotokozedwa pa Mateyu 1:23 kuti Mulungu ali nafe, zomwe n'zofanana ndi Alinafe wathu. Ndipo pa Luka 1:59-63 pali mwambo weniweni wotcha dzina: abale ankafuna kumutcha mwana Zakariya ngati bambo ake, mayi anakana, ndipo bamboyo analemba pa cholembapo kuti dzina lake ndi Yohane. Ndime imodzi ikwanira, ndipo itseguleni muione musanailembe, chifukwa pa gulu lililonse pali mkulu wa mpingo amene adzaiyang'ana.

Samalani ndi dzina la mwambo. Akatolika ndi a CCAP amabatiza makanda, pamene a Seventh Day Adventist, a Baptist ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amangopereka mwana kwa Mulungu, ubatizo umadzabwera atakula. Musalembe kuti "wabatizidwa" pamene waperekedwa.

Kwa Asilamu, pa akika amameta mwana, amapereka sadaka, ndipo amazinga mbuzi ziwiri kwa mwana wamwamuna, imodzi kwa wamkazi. Maina ambiri amatengedwa kwa aneneri ndi a m'banja la Mtumiki: Amina anali mayi ake, Fatima mwana wake, Yusufu ndi Ibrahimu ndi aneneri, ndipo Abdullah ndi kapolo wa Allah. Tanthauzo la Chiarabu mufunse kwa shehe amene watsogolera mwambo.

Dzina limodzi likulembedwa mitundu iwiri. Ndisankhe iti?

Sankhani imene idzalembedwe pa chiphaso chobadwira, ndipo musaisinthenso. Mavuto ndi Mabvuto onse alipo, wachiwiriyo ndi kalembedwe kakale kamene kakadali kofala ku Zambia. Mwayi, Mwai ndi Mwawi ndi anthu atatu osiyana pa mapepala a boma. Mphatso ndi Thokozani ali ndi h, ndipo foni yoikidwa pa Chingerezi imakonda kusintha maina athu payokha, choncho werenganinso musanadine potumizira.

Ku Malawi lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi chibadwire, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau. Anthu amakopera kalembedwe kamene aona koyamba. Mukalakwitsa pa chithunzi, kulakwikako kumalowa pa keke, pa kabuku ka kusikelo, ngakhale pa kaundula wa kutchalitchi, ndipo kudzakonza mapepala osagwirizana mwana akulembetsa mayeso a Sitandade 8 ndi ntchito yotopetsa.

Pali zimene siziyenera kuoneka pa chithunzi kapena m'mawu?

Kabuku ka kuchipatala, kachingwe ka padzanja kolembedwa dzina la mayi, fomu ya kalembera ndi nambala ya nyumba zisaoneke. Musaike pamodzi maina onse a mwana, tsiku lenileni lobadwa ndi malo obadwira pa tsamba loonedwa ndi aliyense, chifukwa zitatuzi ndi zomwe zimatsimikiza munthu pa mapepala. Mwana akhale atavala kapena atafundidwa. M'mabanja ena salola nkhope ya khanda kuonekera msanga, ndipo palibe chifukwa cholimbana nazo: kadzanja ka mwana katagwira chala cha agogo amene amutcha dzina ndi chithunzi chokwanira, ndipo chimagwirizana bwino ndi mawu anu. Pa WhatsApp mungasankhe oona sitetasi yanu pogwiritsa Only share with.

Ine si kholo, ndine azakhali a mwana. Ndingalembe zanga?

Mungathe, makolo akayamba atumiza okha kapena akakulolani. Lembani monga azakhali, osati ngati mwini mwana, ndipo tanthauzo la dzina mulinene momwe makolo alinenera. Ngati iwo angoti "Yankho, chifukwa tinapempha", inu musawonjezere kuti anadikira zaka zingati. Za malire amenewa onani funso la kupita padera.

Ndatumiza kale, ndipo agogo akuti tanthauzo ndalemba si limene iwo amatanthauza. Nditani?

Konzani tsiku lomwelo. Pa Facebook ndi Instagram mawu amasinthika popanda kuchotsa chithunzi, choncho ndemanga za anthu sizitayika. Sitetasi ya WhatsApp sisinthika, muyenera kuichotsa n'kuika ina. Ngati ambiri anaona kale, onjezani chiganizo chimodzi chonena kuti agogo afotokoza bwino tanthauzo, n'kulemba mawu awo momwe anenera. Kenako muwaimbire kapena mupite komweko mukawawerengere zimene mwakonzazo, chifukwa mwina iwo alibe foni yoonera, ndipo zoyamba zija anachita kuuzidwa ndi anthu.